Mazi wanga akuti ndi wogwa: ndiye kuti sagwira ntchito?

NaPhiri_wa_Ndirande
Moni nonse. Ndinalowetsa tsiku, nthawi ndi malo amene ndinabadwira mu pulogalamu ina ya pa foni yojambula tchati cha nyenyezi. Pa mizere ya pulaneti ya Mazi ndi ya Mwezi yalemba chonchi:

```
Mars  4° Cancer  fall
Moon  9° Scorpio  fall
```

Pansi pake yawonjezera kuti ndine munthu wosatha kudziimira pandekha, wobisa mkwiyo. Inetu ndimagulitsa kaunjika, ndipo amene amandidziwa pamsika angaseke atamva zimenezi. Kodi kugwa kumeneku kumatanthauza kuti pulaneti ilibe mphamvu? Nanga awiri onse agwera limodzi, chatsala n'chiyani? Ndinabadwa mu Sepitembala, cha m'ma 7 koloko m'mawa.

Kamtedza
Musadandaule achemwali, kugwa ndi nkhani ya kutalika basi. Pulaneti ikakhala pansi pafupi ndi mapiri imaoneka mozimiririka, ikakwera pamwamba pa mutu ndiye imakhala yokwezedwa.

Gogo_Wampando
Ayi a Kamtedza, zimenezo n'zina. Kukwera ndi kutsika kwa pulaneti usiku umodzi kumachitika tsiku ndi tsiku chifukwa dziko likuzungulira. Zimene afunsa a NaPhiri zimadalira chigawo chimene pulaneti ili, pa zigawo 12 za njira imene mapulaneti amayendamo kumwamba, za madigiri 30 chilichonse. Mazi akhoza kukhala pamwamba penipeni pa mutu wanu koma ali wogwa, bola ali mu Nkhanu, imene sikirini yanu yalemba `Cancer`.

Ndiyambe ndi makomo, chifukwa zina zonse zimachokera pamenepo. Akale ankawerenga mapulaneti 7, Dzuwa ndi Mwezi zili momwemo. Dzuwa pakhomo pake ndi Mkango, Mwezi ndi Nkhanu. Otsalawo ali ndi makomo awiriawiri, lina mbali iyi lina mbali inayo, motsatira kutalikira kwawo. Mekyuli ali ndi Mapasa ndi Namwali, zimene zagundana ndi Nkhanu ndi Mkango. Venasi ali ndi Ng'ombe ndi Sikelo. Mazi ali ndi Nkhosa ndi Chinkhanira. Jupita ali ndi Nsomba ndi Wauta. Sateni, amene ali kutali kwambiri, anamupatsa Mbuzi ndi Wotunga Madzi, moyang'anana ndi Mwezi ndi Dzuwa.

Mukadziwa zimenezi simufunikanso kuloweza za kuchilendo, zimene pa sikirini amalemba kuti `detriment`. Ndi chigawo choyang'anana ndi khomo la pulanetiyo, basi. Mazi ali kuchilendo mu Sikelo ndi mu Ng'ombe. Kugwanso ndi chimodzimodzi, kungoti mumayambira pamene pulaneti imakwezedwa. Mazi amakwezedwa mu Mbuzi, choncho amagwa mu Nkhanu. Mwezi umakwezedwa mu Ng'ombe, umagwa mu Chinkhanira. Pulogalamu yanu pamenepo sinaname.

Mjomba77
Agogo, tithandizeni ife a mafoni. Wauta ndiye uti?

Gogo_Wampando
Pa sikirini ndi `Sagittarius`. Mbuzi ndi `Capricorn`, Wotunga Madzi ndi `Aquarius`, Sikelo ndi `Libra`. Enawo mukhoza kuwazindikira ndi zithunzi zake.

NaPhiri_wa_Ndirande
Zikomo agogo. Koma simunandiyankhe chenicheni. Wogwayo amagwira ntchito kapena ayi?

Gogo_Wampando
Amagwira mayi. Ndikupatseni fanizo limodzi, kenako tipite ku manambala.

Pulaneti yomwe ili pakhomo pake ili ngati mwini khomo: nkhokwe ndi yake, khasu ndi lake, sapempha kwa munthu. Yokwezedwa ili ngati mlendo wolemekezeka amene amuphera nkhuku n'kumupatsa mpando, mawu ake amamveka kwambiri koma nkhokweyo si yake, ndipo mawa adzanyamuka. Ya kuchilendo ili ngati mkamwini. Mphamvu zolimira ali nazo zonse, koma munda ndi wa eni ake, ndipo chilichonse amachita motsatira malamulo a apongozi. Yogwa ndi munthu amene pabwalo sapatsidwa mpata, akalankhula anthu amangopitiriza nkhani zawo.

Onani kuti palibe mwa anayiwa amene wafa. Chimene chimasintha ndi chakuti zipangizo zili m'manja mwa ndani. Ntchito ya Mazi ndi kudula, kulimbana, kuthamangira kutsogolo. Nkhanu ndi chigawo cha Mwezi, cha madzi, cha kusunga ndi kulera. Ndiye akale ankati Mazi ali mmenemo samenya nkhondo molunjika. Amayaka akakhudzidwa mwana wake kapena katundu wake, nthawi zina mopitirira muyezo, nthawi zina mochedwa. Kunena kuti alibe mphamvu ndi ulesi wa amene analemba pulogalamuyo.

NaBanda_ku_Joni
Amayaka akakhudzidwa katundu wake, kikiki. A NaPhiri, wina atakuberani belo mungatani?

NaPhiri_wa_Ndirande
Musandiyambe.

Chiphaso
Ine ndinabadwa pa 5 Ogasiti, ndine Mkango weniweni. Ndiye kuti ine ndi wamphamvu kuposa nonse muno? Nanga sabata ino zikuti bwanji pa nkhani ya ndalama?

Mjomba77
Achimwene, mwalowa basi yolakwika.

Gogo_Wampando
A Chiphaso, Dzuwa lanu lilidi pakhomo pake. Koma lili choncho kwa aliyense wobadwa kuyambira cha pa 23 Julayi mpaka cha pa 22 Ogasiti, chaka chilichonse, padziko lonse. Atsala mapulaneti 6 amene simunawaone. Za sabata ino sindichita.

Bwanoni
Ndiike manambala, poti agogo alonjeza koma atanganidwa ndi a Mkango.

Mawerengedwe amene mapulogalamu ambiri amatsatira ndi a William Lilly, m'buku lake la Christian Astrology la mu 1647. Pakhomo pake pulaneti imapeza 5. Yokwezedwa imapeza 4. Kuchilendo imataya 5, kugwa imataya 4. Koma maulemuwo si awiri okha, alipo asanu. Pali ulamuliro wa gulu, poti zigawo zili m'magulu anayi a moto, dothi, mpweya ndi madzi, ndipo wolamulira gulu amapeza 3. Pali malire, timagawo ting'onoting'ono tisanu m'chigawo chilichonse, topatsa 2. Pomaliza pali nkhope, madigiri 10 aliwonse, yopatsa 1. Pulogalamu ya a NaPhiri yaonetsa mutu wokha wa nkhani.

Tiyeni tiwerenge Mazi wawo. Wagwa, tichotse 4. Pa tebulo la Lilly, gulu la madzi, lomwe ndi Nkhanu, Chinkhanira ndi Nsomba, wolamulira wake ndi Mazi usana ndi usiku womwe. Tiwonjeze 3. Malire oyamba a Nkhanu, kuyambira digiri 0 mpaka 6, ndi a Mazi yemweyo, ndipo wawo ali pa 4. Tiwonjeze 2. Zonse pamodzi watsala ndi 1, pamwamba pa ziro. Akanakhala pa digiri 20 ya Nkhanu malirewo sakanawapeza, akanakhala pansi pa ziro ndi 1.

Chofunika kwambiri apa n'chakuti sali woyendayenda. Pulaneti yopanda ulemu ngakhale umodzi pa asanuwo, imene sikirini imalemba `peregrine`, Lilly amaichotsera 5. Wogwa amene ali ndi kamalire kake ali bwinoko kuposa woyendayenda wopanda ngakhale kachigunda.

Gogo_Wampando
Mwawerenga bwino, koma ma 3 a gulu aja ndi ongoyembekezera. Tebulo la Lilly linachokera kwa Tolemi, katswiri wakale wa nyenyezi wa ku Alekizandiriya. Lilipo lina lakale, la Dorotiyasi wa ku Sidoni, limene limapereka gulu la madzi kwa Venasi masana ndi kwa Mazi usiku. A NaPhiri anabadwa dzuwa litatuluka kale. Mukatsatira Dorotiyasi, Mazi wawo watsala ndi malire okha, ndiye ali pansi pa ziro ndi 2. Anthu awiri odziwa bwino, tchati chimodzi, wina apeza 1 wina apeza 2 wochotsa. N'chifukwa chake ine manambalawa ndimawagwiritsa ntchito poyerekeza mapulaneti awiri m'tchati chimodzi, osati popereka chigamulo.

Kamtedza
Koma poti kugwa ndi 4 ndipo kuchilendo ndi 5, ndiye kuti kugwa kuli bwino. Mawu akuti kugwa ndi amene amangoopsa.

Bwanoni
Pa tebulo inde. Koma Tolemi m'buku lake la Tetrabiblos anafotokoza makomo, kukwezedwa ndi kugwa, osapanga mutu wa kuchilendo ngati mmene olemba a pambuyo pake anachitira. A ku India mpaka lero kugwa amakuwerenga, koma chigawo choyang'anana ndi khomo sachiika m'gulu lakelake, iwo amafunsa ngati mwini chigawocho ndi bwenzi kapena mdani wa pulanetiyo. Ndiye amene amati kugwa ndiko kuvulala kwenikweni ali ndi poimira.

Mtumiki_Wamng'ono
Abale, ndawerenga zonsezi ndipo mtima wanga sukukondwa. Deuteronomo 18 waletsa kuwombeza, ndipo Yesaya 47 ndime 13 akutchula openda nyenyezi mwachindunji kuti sangapulumutse munthu. Mayi NaPhiri, moyo wanu suli m'manja mwa mwala woyandama kumwamba.

NaBanda_ku_Joni
Nanga anzeru a kum'mawa a pa Mateyu 2 anatsatira chiyani abusa?

Mtumiki_Wamng'ono
Anatsatira nyenyezi imene Mulungu anaiika, sanajambule tchati. Ndipo inawafikitsa kaye kwa Herode.

NaPhiri_wa_Ndirande
Abusa ndamva, ndipo kutchalitchi sindinasiye. Ndikungofuna kumvetsa chimene chalembedwachi. Agogo, za Mwezi wanga bwanji?

Gogo_Wampando
Apa ndiye pali nkhani yokoma, imene pulogalamu yanu yaidumpha. Pulaneti iliyonse imene ili m'chigawo cha mnzake imadalira mwini chigawocho. Choncho mukaona pulaneti yofooka, funso loyamba ndi lakuti mwini malowo ali kuti ndipo ali bwanji. Mazi wanu ali mu Nkhanu, kwa Mwezi. Mwezi wanu uli mu Chinkhanira, kwa Mazi. Asinthana makomo. Zimenezi zimatchedwa kulandirana, pa sikirini `mutual reception`, ndipo Lilly amakupatsa 5, chimodzimodzi ndi kukhala pakhomo pako. Kuwonjeza apo, digiri 4 ya Nkhanu ndi digiri 9 ya Chinkhanira zatalikirana madigiri 125, pafupi ndi 120, kumene kuli kuonana kwa mtendere. Ndiye akuonana, kulandiranako si kwa pa pepala chabe.

Koma musafulumire kuvina. Kulandirana kumeneku ndi kokhako kumene onse awiri ali ogwa, ndipo odziwa amatsutsana. Ena amati awiriwa akuthandizana, aliyense akusamala khomo la mnzake. Ena amati wosauka sangabwereke kwa wosauka mnzake. Palinso chobaya china: Mwezi ukulandira Mazi m'chigawo chimene Mazi amagweramo, ndipo Mazi akulandira Mwezi m'chigawo chimene Mwezi umagweramo, ndiye aliyense akupatsa mnzake chinthu chimene mnzakeyo sachifuna. Ine ndimaima pakati. Ma 5 onse sindipereka, koma sindinganene kuti palibe kanthu.

Mjomba77
Dikirani. Pulogalamu yanga imati mwini Chinkhanira ndi Puluto, osati Mazi. Ndiye kulandiranako kwatha.

Bwanoni
Ndi zimene zimachitika mukasakaniza matebulo. Yurenasi anapezeka mu 1781, Nepichuni mu 1846, Puluto mu 1930, ndipo openda a masiku ano anawapatsa Wotunga Madzi, Nsomba ndi Chinkhanira chifukwa choona kuti makhalidwe akufanana. Koma makomo akale sanagawidwe chifukwa cha kufanana. Anagawidwa mwa dongosolo lija agogo afotokoza, awiriawiri kuchokera pa Dzuwa ndi Mwezi. Mukalanda Chinkhanira kwa Mazi, mwalandanso kuchilendo kwake mu Ng'ombe, ndipo malire ndi nkhope zonse Puluto alibemo. Pa zoikamo za pulogalamu fufuzani pamene palembedwa `traditional rulers` kapena mawu ofanana nawo, mukatero muwerenge bwino.

Mjomba77
Yanga ilibe. Yaulere.

Gogo_Wampando
Lembani pa pepala, makomo ndi 12 okha.

Fizikisi_Sanama
Ndakhala chete koma ndilankhule. Mazi akalowa m'chigawo chimene mukuchitcha Nkhanu palibe chimene chimasintha pa iye. Kulemera kwake n'komweko, kuwala kwake kumadalira kutalika kwake ndi ife, osati chigawo. Amakhala m'chigawo chimodzi pafupifupi masabata 6 kapena 7, ndiye ana onse obadwa m'masabata amenewo padziko lonse ali ndi Mazi wogwa. Sateni amakhala zaka ziwiri ndi theka. Mukufuna kundiuza kuti kalasi yonse, ndi ya pambuyo pake, ili ndi vuto limodzi? Mu 1985 magazini ya Nature inasindikiza kafukufuku wa Shawn Carlson, pamene openda nyenyezi anapatsidwa matchati kuti awafananitse ndi zotsatira za mayeso a khalidwe la anthu, ndipo sanapose munthu wongolota.

Ndiyeno tengani Muhammad Ali, wobadwa pa 17 Januwale 1942. Mazi wake ali mu Ng'ombe, kuchilendo, 5 wochotsa. Pulaneti ya nkhonya imeneyo. Mundifotokozere.

NaBanda_ku_Joni
Eee, aphunzitsi abwera ndi chikwapu.

Gogo_Wampando
Pa zoti thupi la pulaneti silisintha, mukunena zoona, ndipo mphamvu imene tikunena pano si yoyeza ndi makina. Ndi lamulo la kawerengedwe mkati mwa mwambo umenewu. Kaya mwambowo umanena zoona za anthu, limenelo ndi funso lanu ndipo ndi lolemera.

Koma pa za kalasi yonse, akale anaziona kalekale. N'chifukwa chake anasiyanitsa ulemu wa chigawo ndi mphamvu ya malo. Ulemu wa chigawo umanena mtundu wa ntchito, mphamvu ya malo imanena ngati pulanetiyo ili pamene ingachite kanthu. Yachiwiriyi imasintha ndi ola limene munthu wabadwa, poti tchati chimagawanso thambo la ola limenelo m'nyumba 12, zosiyana ndi makomo aja. Kwa Lilly, pulaneti ya m'nyumba ya 1 kapena ya 10 imapeza 5, ya m'nyumba ya 12 imataya 5. Yooneka ngati ikubwerera m'mbuyo imataya 5. Yoyandikira Dzuwa mkati mwa madigiri 8 ndi theka amati yapsa, imatayanso 5. Jupita wokwezedwa mu Nkhanu koma wopsa, ali m'nyumba ya 12, ndi wabwino wosamveka. Sateni wogwa amene wakhala pa nyumba ya 10 aliyense amumva, kaya akuchita zabwino kaya zoipa. Tchati cha Ali chimene chimafalitsidwa chimaika Mazi wake chapamwamba penipeni.

A NaPhiri, taonani mzere wa `Asc`, chigawo chimene chinkatuluka kum'mawa pamene munabadwa, ndi nyumba imene Mazi ali.

NaPhiri_wa_Ndirande
Palembedwa `Asc 11° Libra`, ndipo Mazi ali pa 10.

Gogo_Wampando
Ndinaganiza choncho mutatchula 7 koloko. Ndiye onani. Nyumba ya 10 ndi ya ntchito ndi mbiri ya munthu pagulu. Mazi ali pamenepo, akuyenda cholunjika, ali kutali ndi Dzuwa lanu la mu Namwali ndiye sanapse. Pa mphamvu ya malo ali pamwamba kwambiri. Poti Sikelo ndiye ikutuluka, Chinkhanira chili pa nyumba ya 2, ya chuma, ndipo Nkhosa ili pa nyumba ya 7, ya mwamuna, anzanu a bizinesi ndi opikisana nawo. Zonse ziwiri mwini wake ndi Mazi yemweyu. Mwezi, mwini nyumba ya ntchito, wakhala m'nyumba ya chuma. Wopenda wakale akanati ntchito ndi ndalama za munthu uyu zalukana, amazipeza molimbana ndiponso poyera, ndipo mkangano ukabuka umabukira pa ntchito, osati kuseri. Akanawonjeza kuti Mazi ndi pulaneti ya usiku, kwa wobadwa masana amakhala waukali kwambiri. Zoti ndinu wosatha kudziimira sakananena. Akanakuchenjezani za kupsa mtima pa nthawi yolakwika.

Fizikisi_Sanama
Mwaonatu. Anakuuzani kale kuti amagulitsa kaunjika ndipo saopa munthu. Akanati ndi wamanyazi mukanaima pa kugwa paja n'kutseka buku. Maulemu asanu, kulandirana, nyumba, usana ndi usiku: makiyi achuluka moti chitseko chilichonse chitseguka.

Bwanoni
Pamenepa aphunzitsi akhudza pachilonda. N'chifukwa chake ine ndimakonda mmene Lilly ankagwiritsira ntchito zimenezi, pa mafunso okhala ndi yankho loti mawa lioneka. Munthu afunsa kuti mlandu wanga ndipambana? Mwini nyumba ya 1 ndi wofunsayo, mwini nyumba ya 7 ndi mdani wake, ndipo mumayerekeza awiriwo. Ukalakwa umaonekera. Iye analembanso kuti pulaneti yokwezedwa imaonetsa munthu wodzikuza, wodzitenga woposa mmene alili. Ndiye ngakhale 4 wa kukwezedwa si wabwino yekhayekha.

Wa_ku_Limbe
Ndiponyepo ya a ku India, poti ndinaphunzirako kwa bambo wina amene ndinkagwira ntchito m'sitolo mwake. Iwo zigawo amaziyeza kuchokera pa nyenyezi zenizeni, pamene a ku Ulaya amayambira pamene Dzuwa limadutsa pamwamba pa mzere wa pakati pa dziko lapansi mu Malichi. Miyezo iwiriyi panopa yasiyana pafupifupi madigiri 24. Chotsani 24 pa Mazi wa a NaPhiri: achoka pa 4 ya Nkhanu, afika cha pa 10 ya Mapasa. Sanagwe. Mwezi uchoka pa 9 ya Chinkhanira, ufika cha pa 15 ya Sikelo. Sunagwenso. Kulandirana kuja kwapita nako. Ndipo Mazi wa Ali, amene ali koyambirira kwa Ng'ombe, amabwerera mu Nkhosa, pakhomo pake penipeni.

NaPhiri_wa_Ndirande
Ndiye ndisamukire ku India basi.

Gogo_Wampando
Musanagule tikiti, onani Albert Einstein, wobadwa pa 14 Malichi 1879 ku Ulm. Pa muyezo wa ku Ulaya, Sateni wake ali koyambirira kwa Nkhosa, wogwa. Venasi ali mu Nkhosa momwemo, kuchilendo. Mazi ali chakumapeto kwa Mbuzi, wokwezedwa, pafupi ndi digiri 28 imene mabuku amati ndiyo nsonga ya kukwezedwa kwake. Ndipo Mazi ali kwa Sateni, Sateni ali kwa Mazi, kulandirana kumene mmodzi ali wamphamvu, kosiyana ndi kwa a NaPhiri. Tsopano chotsani madigiri 22, poti m'chaka chimenecho kusiyana kunali kocheperako. Sateni wachoka pogwa, walowa mu Nsomba. Venasi walowanso mu Nsomba, wakwezedwa. Koma Mekyuli, pulaneti ya nzeru ndi masamu, amene anali koyambirira kwa Nkhosa, wagwera mu Nsomba, mmene ali wogwa. Muyezo uliwonse umakupatsa china n'kukulanda china.

Wa_ku_Limbe
Amenewo ali ndi yankho lake. Pali malamulo oti kugwa kumafafanizika, ndipo limodzi ndi lakuti wogwayo akhale pamodzi ndi pulaneti imene imakwezedwa m'chigawo chomwecho. Mekyuli ali ndi Venasi mu Nsomba. Einstein ndiye chitsanzo chimene amakonda kupereka.

Fizikisi_Sanama
Kiyi wina uyo.

Kamtedza
Komatu madigiri a nsonga aja ndi amodzi kulikonse, ndinaona. Zikusonyeza kuti pali chenicheni.

Bwanoni
Anayi ndi amodzi: Mwezi pa 3 ya Ng'ombe, Mekyuli pa 15 ya Namwali, Venasi pa 27 ya Nsomba, Mazi pa 28 ya Mbuzi. Koma Dzuwa a ku Ulaya amati 19 ya Nkhosa, a ku India amati 10. Jupita ena 15 ya Nkhanu, ena 5. Sateni 21 ndi 20 ya Sikelo. Kufananako kukusonyeza kuti anatengera pa gwero limodzi, ndipo akatswiri a mbiri amalondola kukwezedwaku mpaka ku Babulo.

Mphunzitsi_wa_Dedza
Funso langa ndi la ife a kuno. Tolemi ankakhala ku Alekizandiriya, kumpoto kwa dziko lapansi. Chifukwa chimene anapereka chopatsira Dzuwa Mkango n'chakuti Nkhanu ndi Mkango ndi nthawi imene Dzuwa limayandikira pamwamba pa mitu yawo n'kubweretsa kutentha. Sateni wozizira anamupatsa Mbuzi ndi Wotunga Madzi chifukwa ndi nthawi yachisanu kwawoko. Dzuwa akuti limakwezedwa mu Nkhosa chifukwa masana amayamba kutalika kuposa usiku. Tsono kuno ku Dedza, kumapeto kwa Julayi timagona ndi mabulangete awiri. Dzuwa limatiwotcha mu Okutobala, pamene lili mu Sikelo, mmene tebulo likuti lagwa. Miyezi ya Sateni wouma ndi wozizira, Januwale ndi Febuluwale, kuno ndi mvula ndi chinyezi. Ngati chifukwa chake ndi nyengo, tebulo lathu liyenera kutembenuzidwa. Mazi wa a NaPhiri akanakhala wokwezedwa.

NaBanda_ku_Joni
Kuno ku Joni Julayi ndiye musanene.

Gogo_Wampando
Funso limeneli lavutitsa anthu kwa zaka mazana, ndipo alipo amene ananena kuti kumwera tizitembenuza. Ambiri a ku Australia, ku Brazil ndi ku South Africa satembenuza. Amati Tolemi ankangofunira chifukwa dongosolo limene analipeza lilipo kale, ndipo dongosololo limaima palokha pa kayalidwe ka mapulaneti, popanda nyengo. Ine sinditembenuza, komabe yankho limenelo silindikhutitsa kwenikweni, chifukwa muyezo wa ku Ulaya weniweniwo unamangidwa pa nyengo. Komanso mukatembenuza, malire ake muika pati? Wobadwira ku Nairobi ndi wobadwira ku Kampala, wina kumwera pang'ono wina kumpoto pang'ono, akhale ndi matebulo osiyana?

Mphunzitsi_wa_Dedza
Ndipo kuno Dzuwa limadutsa pamwamba pa mutu kawiri pa chaka, ndiye mwina likufunika makomo awiri.

Wa_ku_Limbe
Pa muyezo wa nyenyezi vuto limenelo kulibe. Nyenyezi za Mkango ndi zomwezo ku Dedza ndi ku Delhi.

Bwanoni
Koma makomo amene mukugwiritsa ntchito ndi omwewo ogawidwa kuchokera pa Nkhanu ndi Mkango. Mwasintha rula, tebulo simunasinthe.

NaPhiri_wa_Ndirande
Ndiye kwa Lilly ndili ndi 1, kwa Dorotiyasi 2 wochotsa, ku India sindinagwe, ku Dedza ndakwezedwa. Agogo, Venasi wanga alembanso `fall`, ali pa 27 ya Namwali pafupi ndi Dzuwa. Poti mwati Sikelo ndi yake, ameneyu ndiye ine?

Gogo_Wampando
Ameneyo ndiye mwini nyumba yanu ya 1, ndipo akanayenera kukhala woyamba kumuona, Mazi asanabwere. Digiri 27 ya Namwali ndi pansi penipeni pa kugwa kwake. Nditumizireni digiri ya Dzuwa kuti tione ngati ali mkati mwa 8 ndi theka, komanso pamene pali Mekyuli, mwini Namwali.

Chiphaso
Nanga za ndalama zanga zija palibe woyankha?